Kukonza mbiri yanu pa Upwork kuti mupeze kasitomala woyamba musanakhale ndi ndemanga

Munthu akaika ntchito pa Upwork, tsamba la pa intaneti lopezerapo maganyu, makalata ofunsira ntchitoyo amamufika m'ndandanda umodzi. Pa dzina lililonse amaona chithunzi, mutu wa ntchito yomwe munthuyo amagwira, mtengo wake, ndalama zomwe wapezapo kale pa tsambali, ndi mizere yoyamba ya kalata yake. Pa dzina la munthu watsopano, malo a ndalama ndi a ndemanga amakhala opanda kanthu. Kasitomalayo sadana nanu ayi. Chomwe chimamuvuta n'chakuti alibe pogwira: sakudziwa ngati ntchitoyo mumaithadi, komanso ngati mudzaibweza tsiku lomwe mwagwirizana. Ndemanga ndizo zimayankha mafunso amenewa, ndiye poti inu mulibe, mbiri yanu iyenera kuwayankha ndi umboni womwe iye angatsegule n'kudzionera yekha.

Kuti zimveke bwino titsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze mayi wina wa ku Zomba yemwe wakhala akugwira maganyu a kafukufuku m'midzi: kufunsa anthu mafunso, kujambula mawu a zokambirana za m'magulu, kenako kukhala pansi n'kulemba zomwe anthuwo anena ndi kuzimasulira m'Chingerezi. Ali ndi laputopu, mahedifoni ndi bandulo ya pa foni. Pa Upwork sanagwirepo ntchito.

Poyamba, sankhani ntchito imodzi

Apa ndi pomwe ambiri amaphonyera, ndipo akaphonya apa zotsatira zonse zimakhota. Munthu watsopano amaopa kutaya mwayi, ndiye amalemba zonse zomwe anazikhudzapo: kutaipa, kukonza zithunzi, kuyendetsa masamba a mchezo, kumasulira, kulowetsa manambala mu Excel. Kwa iye mwini zimaoneka ngati wakulitsa msika. Koma pa ntchito iliyonse mwa zimenezi pali anthu masauzande a m'maiko osiyanasiyana omwe ali kale ndi ndemanga zambirimbiri, ndipo palibe chifukwa choti kasitomala adumphe onsewo n'kufika kwa inu.

Funso loyenera kudzifunsa ndi ili: ndi ntchito iti yomwe kasitomala akaifufuza adzapeza anthu ochepa, ine n'kukhala mmodzi mwa iwo? Kwa mayi wathu yankho lili poyera. Otaipa Chingerezi ndi osawerengeka, koma omwe angamvere gogo wa ku Mayaka akulankhula pakati pa phokoso la nkhuku ndi ana n'kulemba molondola zomwe wanena ndi ochepa. Ofuna ntchito imeneyi alipo: ophunzira a m'mayunivesite akunja omwe anachita kafukufuku ku Malawi kapena kummawa kwa Zambia, mabungwe othandiza anthu, opanga mafilimu ofotokoza zochitika, ndi makampani omasulira. Ntchito zotere sizituluka tsiku lililonse, zimenezo muzidziwiretu, koma zikatuluka opikisana nawo amakhala ochepa.

Musanatsimikize, lowani mbali yofufuzira ntchito n'kulemba mawu a ntchito yanuyo. Werengani zomwe makasitomala alemba, osati kuti mufunsire, koma kuti mutole mawu omwe iwo amagwiritsa ntchito. Mayi wathu apeza kuti ena amalemba Chichewa, ena Chewa, ena Nyanja. Mawu onsewa ayenera kupezeka mu mbiri yake, apo ayi wofufuza Nyanja sadzamuona.

Dzina, chithunzi ndi njira yolandirira ndalama

Izi n'zachidule koma zimagwetsa anthu. Dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika kapena pasipoti, chifukwa Upwork imafunsa chiphaso potsimikiza kuti ndinudi, ndipo dzina la pa akaunti yolandirira ndalama liyeneranso kugwirizana nalo. Dziko lembani lomwe mulidi. Pali anthu omwe amagulitsa kapena kubwereketsa maakaunti okhala ndi ndemanga kale, kapena olembedwa ngati a ku Amereka. Malamulo a tsambali amaletsa zimenezi, ndipo akaunti yotere ikatsekedwa mulibe koti mukadandaule, poti dzina si lanu.

Chithunzi chikhale cha nkhope yanu ndi mapewa, chojambulidwa masana pafupi ndi zenera, kumbuyo kuli khoma lopanda zambiri. Cha pa ukwati chodula mnzanu pambali, ayi. Kenako pitani ku Settings, mutsegule Get Paid, muone njira zolandirira ndalama zomwe zikuoneka ku dziko lanu, monga Payoneer kapena kutumiza ku banki, n'kukonza imodzi lero lomwe. Mudzafunikanso kulemba zokhudza msonkho. Kwa omwe si nzika za Amereka ndi fomu ya W-8BEN. Kuchita izi ntchito itatha kale kumangochedwetsa ndalama zanu.

Pangani zitsanzo musanalembe mawu odzifotokozera

Ambiri amayamba ndi kulemba za iwo eni, zitsanzo n'kubwera pambuyo ngati zokometsera. Tembenuzani. Wogulitsa pa chiwaya sakuuzani kuti nyama yake ndi yofewa, amangokudulirani kanthuli kuti mulawe. Gawo la Portfolio ndi pomwe inu mumalawitsa.

Vuto la mayi wathu n'lakuti ntchito zonse zomwe anagwirapo si zake zoti angaonetse. Mawu a anthu omwe anafunsidwa pa kafukufuku ndi achinsinsi, ndipo kuika ngakhale tsamba limodzi poyera n'kuphwanya lonjezo lomwe anthuwo anapatsidwa. Komanso kasitomala wa kafukufuku akaona zolemba za bungwe lina pa mbiri yanu, amadziwa kuti zakenso mudzazionetsa. Njira yake ndi kupanga chitsanzo chatsopano. Apemphe anzake atatu kuti akambirane nkhani yosavulaza munthu, monga kasungidwe ka chimanga akakolola, awauze kuti mawuwo aonetsedwa poyera, avomere, n'kujambula pa foni kwa mphindi zisanu. Asasake malo a zii. Kaphokoso pang'ono ndi kudulana mawu n'kofunika, chifukwa mafayilo enieni amakhala otero.

Akatero alembe m'Word tebulo la mizati inayi: nthawi, wolankhula, Chichewa, Chingerezi. Nthawi ilembedwe motere `00:02:15` pomwe munthu wina wayamba kulankhula. Olankhula apatsidwe zizindikiro monga M kwa wotsogolera, P1, P2, P3 kwa ena, osati maina. Pomwe mawu sakumveka alembe `[inaudible 00:03:40]` m'malo molota, ndipo pomwe anthu aseka kapena alankhula pamodzi asonyezenso. Zing'onozing'ono zimenezi ndi zomwe munthu wodziwa kafukufuku amayang'ana. Akaona kuti mwabisa maina popanda kuuzidwa, amazindikira kuti mudagwirapo ntchitoyi, ndipo palibe chiganizo cha mu mbiri chomwe chingamukhutiritse kuposa pamenepo.

Pa mphindi zisanu zomwezo angatulutse zitsanzo ziwiri: china cholemba liwu ndi liwu, ndi ma "eee" ndi kubwereza konse, china chosalaza chochotsa zokokera. Chachitatu chingakhale kumasulira mafunso khumi a kafukufuku kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Zitatu zakwana. Pa chilichonse alembe poyera kuti ndi chitsanzo chomwe anadzipangira, afotokoze kutalika kwa mawuwo, chiwerengero cha olankhula ndi nthawi yomwe zinamutengera. Musanamizire kuti inali ntchito ya kasitomala; palibe amene amanyoza chitsanzo chodzipangira ngati chili chabwino. Chithunzi cha pamwamba pa chitsanzo chikhale tsamba lenilenilo, loti liwerengeke, osati chithunzi cha pa intaneti cha munthu wovala mahedifoni.

Pojambula ndi kulemba chitsanzochi, tcherani wotchi. Nambala imeneyo muifuna poika mtengo.

Mutu ndi mizere iwiri yoyamba

Mutu ndi mzere umodzi waufupi, ndipo uyenera kunena ntchito ndi omwe mumawagwirira. Mawu ngati wolimbikira, wokhulupirika, waluso amangodya malo, poti aliyense amalemba omwewo. Wa mayi wathu ungakhale uwu:

```
Chichewa/Nyanja to English Transcription | Interviews & Focus Groups
```

Gawo lodzifotokozera limalola mawu ambiri, koma kasitomala amayamba waona mizere iwiri kapena itatu yokha. Zotsalazo mpaka atadina. Mukaiwononga mizereyo ndi moni, dzina lanu lomwe likuoneka kale, ndi kunena kuti mumakonda ntchito yanu, mwataya gawo lokhalo lomwe likanawerengedwa. Yambani ndi zomwe iye adzalandire:

```
I transcribe Chichewa (Chewa/Nyanja) interviews and focus groups and
translate them into English: time-stamped, speakers labelled, names
removed. One audio hour delivered in 3 working days. Samples below.
```

Pansi pake afotokoze mwachidule komwe anaphunzirira ntchitoyi: zaka zomwe wagwira pa kafukufuku, mitu yomwe amaidziwa monga zaumoyo wa amayi kapena ulimi, ndi mmene amasungira mafayilo a anthu. Anenenso malire ake. Chinyanja cha mu Lusaka chimasakanikirana ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, ndipo zokambirana za ku Mangochi zimatha kulowa m'Chiyao pakati pa chiganizo. Ngati sazimva bwino, alembe kuti amapempha kumvera kachidutswa ka fayilo asanavomere. Ena amaona ngati uku n'kudzichepetsa, koma ine ndimaona kuti ndi chiganizo champhamvu kwambiri mu mbiri yonse, chifukwa wosadziwa ntchitoyi sangaganize n'komwe zolemba zimenezo.

Masiku atatu omwe walonjeza mu chitsanzo chija, pa ntchito ya tsiku limodzi, ndi dala. Magetsi amazima, netiweki imagwa, maliro amagwa. Lonjezani nthawi yomwe mungakwanitse ngakhale tsiku limodzi litawonongeka. Pa zilankhulo sankhani moona: Native or Bilingual pa Chichewa, ndipo pa Chingerezi Fluent ngati ndi mmene zilili. Chingerezi cha mu mbiri yanu chimayesedwa pomwepo, ndiye mupatse wina awerenge musanasindikize.

Maumboni a anthu omwe munawagwirirapo ntchito kunja

Upwork ili ndi gawo la Testimonials lomwe limalola kupempha umboni kwa munthu yemwe munamugwirira ntchito kunja kwa tsambali. Mumalemba dzina lake, imelo yake ndi tsamba lake la LinkedIn, iye amalandira uthenga, amalemba, ndipo a Upwork akautsimikiza umboniwo umaoneka pa mbiri yanu. Zimatenga masiku, choncho yambani msanga. Mayi wathu apemphe yemwe ankayang'anira gulu lawo pa kafukufuku, koma amuimbire kaye foni, amukumbutse ntchito yeniyeniyo, n'kumupempha kuti atchule zogwirika: mtundu wa ntchito, kuchuluka kwake, ndi kuti inkabwera pa nthawi yake. Umboni wongoti ndi mayi wabwino wolimbikira suthandiza kwenikweni.

Njira yachidule yomwe mudzauzidwe ndi yoti m'bale wanu atsegule akaunti ya kasitomala, akulembeni ntchito yabodza ya madola asanu, n'kukupatsani nyenyezi zisanu. Zimenezi n'zoletsedwa ndipo zimatha kutseketsa maakaunti onse awiri.

Mtengo

Tsopano bwererani ku wotchi ija. Kulemba ola limodzi la mawu omveka bwino kumatenga maola anayi kapena kuposa. Kukhala gulu la anthu odulana mawu, kuwonjezapo kumasulira, maola amachuluka. Tinene kuti mayi wathu wapeza kuti mphindi zisanu zinamutengera mphindi 40. Ndiye kuti ola limodzi la mawu ndi maola 8 a ntchito.

Akatchula $0.50 pa mphindi ya mawu, ola limodzi ndi $30. Upwork imadulapo gawo lake. Kuyambira 2023 inali 10 peresenti, ndipo kuyambira 2025 imasinthasintha pakati pa 0 ndi 15 peresenti malinga ndi ntchito. Nambala yake mumaiona musanatumize kalata. Titenge 10: atsala ndi $27, kugawa ndi maola 8, ndi pafupifupi $3.40 pa ola, asanachotse bandulo ndi zolipira potapa ndalama. Akatchula $1.50 pa mphindi, ola limodzi ndi $90, atsala ndi $81, pafupifupi $10 pa ola. Manambalawa ndi ongosonyezera kawerengedwe. Mtengo wanu muupeze poyang'ana zomwe ena a ntchito yomweyo alemba pa mbiri zawo, n'kudziika cha pakati kapena kutsikirako pang'ono.

Kutsitsa kwambiri kumaoneka ngati nzeru kwa munthu wopanda ndemanga, koma kumaitana makasitomala ovuta, omwe amafuna zambiri pa ndalama zochepa, ndipo ndi iwo amene adzalembe ndemanga yanu yoyamba. Chomwe kasitomala wabwino amaopa si mtengo, koma kupereka mafayilo ake onse kwa munthu wosamudziwa. Choncho musachepetse mtengo, chepetsani ntchito yoyamba. Pa ntchito za mtengo wokhazikika, Upwork imalola kugawa ntchito m'zigawo, chilichonse ndi ndalama zake. Mayi wathu anene kuti ayamba ndi mphindi 10 za fayilo imodzi pa $15, zibwera mawa, kasitomala akakhutira apitirize. Zolemba zaulere zoyesera musavomere. Malamulo a tsambali amaletsa makasitomala kupempha ntchito yaulere.

Kusankha ntchito zofunsira

Kufunsira ntchito kumadya ma Connects, mapointi omwe mumalipira nawo potumiza kalata, ndipo imodzi imagulidwa $0.15. Ntchito yofuna ma Connects 12 ikudyerani $1.80, makalata 20 otere ndi $36. Kwa munthu yemwe sanalandirepo kanthu ndi ndalama zambiri, ndiye simungamwaze makalata paliponse.

Pa ntchito iliyonse pali zizindikiro zoti muwerenge musanawononge kanthu. Payment method verified ikusonyeza kuti kasitomala anatsimikiza njira yolipirira. Palinso chiwerengero cha makalata omwe afika kale. Pomwe palembedwa Less than 5 kapena 5 to 10 kalata yanu idzawerengedwa, koma pa 50+ munthu watsopano amamira. Onani liti kasitomala anaiyang'ana komaliza ntchitoyo, ndi ngati wayamba kale kukambirana ndi ena. Onani hire rate yake, kutanthauza gawo la ntchito zomwe anaika n'kulembadi munthu. Ikakhala yotsika kwambiri, amakonda kuika ntchito n'kusowa. Pomaliza werengani zomwe ena omwe anamugwirira ntchito analemba za iye, ndi ndemanga zomwe iye amapereka. Wopereka nyenyezi zitatu kwa aliyense musamuyambire.

Sungani kafufuzidwe kanu kuti muziona ntchito zatsopano zikangotuluka. Malawi ndi Zambia zili pa UTC+2, nthawi yoyandikana ndi ya ku Ulaya, choncho makasitomala akumeneko mungawayankhe masana omwewo. A ku Amereka amayamba ntchito kuno kuli masana kapena madzulo, ndiye muziyang'ananso musanagone.

Kalata yofunsira

Nayonso imaoneka mizere yoyamba yokha. Musabwereze mbiri yanu. Yambani ndi ntchito yake. Tinene kuti kasitomala walemba kuti ali ndi mafayilo 6 a zokambirana za alimi a ku Dedza, iliyonse pafupifupi mphindi 45. Mayi wathu angayambe motere:

```
Six 45-minute files is 4.5 audio hours; I can return two files every
five days. Do you need full verbatim or clean text? I suggest a first
milestone of 10 minutes for $15 so you can check my work.
```

Mizere itatu imeneyi ikusonyeza kuti wawerenga, wawerengera nthawi, akudziwa funso lomwe wodziwa ntchito amafunsa, ndipo wachepetsa mantha a kasitomala. Pambuyo pake chiganizo chimodzi cha zomwe anachitapo pa nkhani za ulimi, n'kulumikiza chitsanzo chimodzi chofanana ndi ntchitoyo. Kuti ndinu watsopano musapepese ndipo musabise, akuona yekha. Ngati pali mafunso owonjezera omwe kasitomala waika, ayankheni mokwanira, osati kungoti onani pamwamba.

Akakuyankhani n'kukuuzani kuti mupitirize kukambirana pa Telegram kapena WhatsApp mgwirizano usanayambe, kapena kuti mulipire kaye ndalama yolembetsera, musiyeni. Atsopano ndi omwe amasakidwa ndi akuba otere, komanso kupatsana manambala mgwirizano usanayambe n'koletsedwa. Ntchito muiyambe pokhapokha mgwirizano ukaoneka pa akaunti yanu ndipo gawo loyamba lasonyeza kuti ndalama zake zaikidwa kale.

Mukatumiza makalata angapo osayankhidwa

Tsambali limasonyeza ngati kalata yanu yatsegulidwa, komanso kangati mbiri yanu yaonedwa. Manambalawa amakuuzani pomwe pakudontha. Makalata akakhala kuti sakutsegulidwa n'komwe, vuto lili pa zomwe zimaoneka m'ndandanda, ndiko kuti mutu, chithunzi ndi mizere yoyamba, kapena mukufunsira ntchito zodzaza kale. Akamatsegulidwa koma osayankhidwa, yang'anani chitsanzo chomwe mukulumikiza ndi mtengo. Akamakuyankhani koma osakulembani, nthawi zambiri ndi kuchedwa kuyankha, kapena mayankho osatchula tsiku ndi ndalama. Sinthani chinthu chimodzi, mutumizenso angapo, muone. Mukasintha zonse nthawi imodzi simudzadziwa chomwe chathandiza.

Ntchito yoyamba ikapezeka

Musanayambe, lembani mu uthenga zomwe mwagwirizana: fayilo iti, liwu ndi liwu kapena kosalaza, tsiku ndi ola lobweza. Mukapeza kuti fayilo ili ndi mbali yosamveka, nenani tsiku lomwelo ndi nthawi yake yeniyeni, osadikira tsiku lomaliza. Pobweza gwiritsani ntchito batani la Submit Work for Payment, osati kungoponya fayilo mu uthenga, chifukwa batanilo ndilo limayambitsa masiku 14 omwe kasitomala ali nawo kuti avomere kapena apemphe kukonza. Akangokhala chete mpaka masikuwo atha, ndalama zimatuluka zokha. Zikavomerezedwa zimadikiranso masiku asanu musanazitape.

Ndemanga imalembedwa mgwirizano ukatsekedwa, ndipo aliyense wa inu amakhala ndi masiku 14 oti alembe. Wotseka amafunsidwa ndemanga nthawi yomweyo, choncho ndi bwino kuti atseke ndi kasitomala. Mufunseni kaye ngati pali choti mukonze, chifukwa kupatula nyenyezi zooneka poyera amayankhanso mafunso ena mwachinsinsi, ndipo mayankho amenewo amalowa mtsogolo mu Job Success Score yanu, nambala ya pa mbiri yanu yosonyeza mmene makasitomala amakhutirira ndi ntchito yanu. Akati zonse zili bwino, mupempheni mwaulemu kuti atseke mgwirizano ndi kulemba mmene waonera ntchitoyo, osamuuza nyenyezi zoti apereke. Ngati mafayilo otsala aja akupatsaninso, apitirire pa mgwirizano womwewo ngati zigawo zatsopano, ndipo pempho lotseka lidikire mpaka fayilo yomaliza itavomerezedwa.